Chikope chakugwa: nthawi yodikira ndi nthawi yopita ku opaleshoni

Chikope cha m'mwamba chikakhala pamalo pake, chimaphimba milimita 1 kapena 2 chabe ya gawo lakuda la diso, ndipo mwanadiso, kabowo ka pakati kamene kuwala kumalowera, amakhala pamtetete. Chikatsika kupitirira apo, madokotala amati munthu ali ndi tosisi. Kumudzi amangoti ali ndi diso la tulo, kapena kuti diso lina ndi laling'ono, pamene diso lenilenilo nthawi zambiri limakhala lofanana ndi linzake. Chimene chachepa ndi mpata wa pakati pa zikope.

Si chikope chilichonse chakugwa chimene chimafuna mpeni. Dokotala wa maso asanatchule za opaleshoni amafuna adziwe zinthu zitatu: chikopecho chinagwa bwanji, chatsika mpaka pati poyerekeza ndi mwanadiso, ndiponso mnofu wochikweza watsala ndi mphamvu zochuluka bwanji. Msinkhu wa wodwala ndi umene umasintha tanthauzo la mayankhowo. Wamkulu akachedwa chaka chathunthu amangovutika kuona kwa chakacho, koma akadzakonzedwa amaona monga kale. Khanda likachedwa miyezi ingapo likhoza kutsala ndi diso loona mwachimbuuzi moyo wonse.

Chimakweza chikope n'chiyani

Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi mnofu wotchedwa liveta. Umayambira kumbuyo kwenikweni kwa chibowo cha diso, umadutsa pamwamba pa diso, ndipo ukamayandikira kutsogolo umasanduka kansalu kopyapyala koma kolimba. Kansaluka kamakamatirira pa kachiwalo kolimba ka m'kati mwa chikope, ndipo timaulusi take tina timagwira khungu. Timaulusi timeneti ndi timene timapanga mzere wopindika umene umaoneka pachikope munthu akatsegula maso. Liveta amalamulidwa ndi mtsempha wachitatu wochokera ku ubongo, womwenso umayendetsa minofu yambiri yotembenuza diso ndi kuchepetsa mwanadiso pakawala. Kunsi kwa liveta kuli kamnofu kena kakang'ono, ka Müller, kamene kamawonjezera mamilimita pafupifupi 2. Ziwirizi zikalephera, thupi limapempha thandizo ku mnofu wa pachipumi, n'chifukwa chake munthu wa chikope chakugwa amayenda nsidze zili m'mwamba, chipumi chili makwinyamakwinya.

Miyezo iwiri imene imagamula

Woyeza amafuna tochi yaing'ono ndi rula ya mamilimita basi. Wodwala amakhala mutu uli chilili, n'kuyang'ana tochi imene ili patsogolo pake molingana ndi maso, pamtunda wa mkono. Pakati pa diso pamaoneka kadontho kowala. Kadonthoka n'kothandiza kwambiri kwa ife a maso akuda, chifukwa mwanadiso saoneka bwino pamene pomuzungulira palinso pakuda. Woyeza amayeza kuchokera pa kadonthoko kufika m'mphepete mwa chikope cha m'mwamba, ndipo m'buku la kuchipatala muyezowu umalembedwa kuti MRD1. Diso labwinobwino limapereka mamilimita 4 kapena 5. Akapeza 2 kapena kucheperapo, ndiye kuti chikope chayamba kudya mbali ya kumwamba ya zimene munthu amaona. Akapeza 0, chikope chafika pakati pa mwanadiso, ndipo kadontho kaja kakabisikiratu, njira ya kuwala yatsekeka.

Muyezo wachiwiri ndi wa mphamvu ya liveta. Woyeza amatsindika nsidze ndi chala chachikulu kuti chipumi chisathandize, kenako wodwala amayang'ana pansi kotheratu, n'kuyang'ananso kumwamba kotheratu. Mtunda umene m'mphepete mwa chikope wayenda ndiye mphamvuyo. Mnofu wathanzi umayenda pafupifupi mamilimita 15. Kuyambira 12 kupita m'mwamba amati ndi wabwino, pakati pa 5 ndi 11 ndi wapakatikati, ndipo 4 kapena kucheperapo ndi wofooka kwambiri. Woyeza akaiwala kutsindika nsidze, chipumi chimawonjezera mamilimita ake, mnofu wofooka n'kuoneka ngati uli ndi mphamvu, mapeto ake amasankha opaleshoni yolakwika.

Muyezo woyamba umanena ngati opaleshoni ikufunika. Wachiwiri umanena mtundu wa opaleshoniyo.

Mwana wobadwa nacho

Ana ambiri a chikope chakugwa amabadwa nacho, ndipo kawirikawiri chimakhala cha diso limodzi. Vuto limakhala mu liveta mwini wake, amene sanaumbike bwino m'mimba, kotero m'malo mwa mnofu weniweni muli mafuta ndi timinyewa touma. Mnofu wotere sukoka bwino, komanso sumasuka bwino. Izi zimabweretsa chizindikiro chimene mayi angachione yekha: mwana akayang'ana pansi, chikope chodwalacho chimatsalira m'mwamba pang'ono kuposa chinzake, ndipo nthawi zina akagona disolo silitsekeka lonse. Mzere wopindika uja umakhala wosaoneka bwino kapena kulibiretu. Kawirikawiri palibe chimene mayi anadya, kuona kapena kulakwitsa ali woyembekezera chimene chimayambitsa zimenezi, ndipo mnofuwo sudzakula n'kukonzeka wokha mwana akamasinkhuka.

Ana ena ochepa chikope chawo chimadumpha akamayamwa kapena kutafuna, chifukwa mtsempha wa nsagwada unalumikizana molakwika ndi liveta. Madokotala amatchula zimenezi ndi dzina la Marcus Gunn, ndipo n'zofunika kuwauza, popeza m'chipinda choyezera mwana sangakhale akudya. Enanso chikope chimagwa chifukwa cholemedwa ndi chotupa cha timitsempha ta magazi chimene chimakula msanga m'miyezi yoyambirira. Kwa ana okulirapo, matenda a maso oyabwa aja ofala nthawi yotentha ndi ya fumbi amatupitsa m'kati mwa chikope mpaka chimalemera n'kutsika. Pamenepo chofunika ndi kuchiza kuyabwako, osati kudula.

Choopsa chenicheni kwa mwana chili mu ubongo. Mwana sabadwa akudziwa kuona. Ubongo umaphunzira kuchokera ku zithunzi zimene diso lililonse likutumiza, mofulumira kwambiri m'miyezi yoyambirira, kenako pang'onopang'ono mpaka zaka 7 kapena 8. Diso limodzi likamatumiza chithunzi chosaoneka bwino, ubongo umalisiya n'kudalira linzake, ndipo diso losiyidwalo limakhala laulesi ngakhale lilibe chilema chilichonse m'kati mwake. Chikope chakugwa chimabweretsa ulesiwu m'njira zitatu. Chikhoza kutseka mwanadiso. Chikhoza kubwera limodzi ndi kupindika kwa khungu loonekera la kutsogolo kwa diso, kotero kuti chithunzi chimafika chosalongosoka ngakhale mwanadiso ali poyera. Chikhozanso kubwera ndi diso loyang'ana kumbali. Njira yachiwiriyi ndi imene imaphonyedwa kawirikawiri, chifukwa makolo, ngakhalenso ena a zaumoyo, akaona kuti mwanadiso akuoneka amati palibe vuto. Mwana aliyense wa chikope chakugwa, ngakhale pang'ono chabe, ayenera kuyezedwa ngati akufunika magalasi, atathiridwa mankhwala okulitsa mwanadiso.

Tiyerekeze khanda la miyezi 9 limene chikope chake cha kumanzere chinagwa chibadwire. Tochi ikawala, diso la kumanja likupereka mamilimita 4, la kumanzere 0. Khanda silingauzidwe kuti yang'ana pansi, yang'ana kumwamba, choncho woyeza akuyendetsa chidole uku atagwira nsidze, ndipo akuona chikope chikuyenda mamilimita 3 okha. Mzere wopindika palibe. Akafunsa amayi ake, akuti kale mwanayu ankakweza chibwano akafuna kuyang'ana munthu, koma masiku ano wasiya, ndipo iwo akuona ngati ndi chizindikiro chakuti akupeza bwino. N'zosiyana ndi zimenezo. Mwana amene amakweza chibwano ndiye kuti akulimbana kuti asuzumire pansi pa chikope ndi maso onse awiri. Akasiya, chikope chili pomwe chinali, kawirikawiri ubongo wataya mtima ndi disolo. Woyeza amatsimikiza pophimba maso mosinthanasinthana. Akaphimba la kumanzere mwana akupitiriza kusewera. Akaphimba la kumanja, ngakhale atamukwezera chikope chakugwacho ndi chala, akulira n'kumakankha dzanja. Diso la kumanzere layamba kale ulesi.

Mwana ameneyu sadikira. Opaleshoni imakonzedwa posachedwa, ndipo popeza mphamvu ya liveta ndi mamilimita 3, kumufupikitsa sikungathandize kwenikweni. Dokotala amalumikiza chikope ku mnofu wa pachipumi. Mwa njira imodzi yodziwika, amacheka timabala tiwiri pamwamba pa m'mphepete mwa chikope, tiwiri pamwamba pa nsidze ndi kamodzi pachipumi, n'kudutsitsa kachingwe pansi pa khungu kuzungulira timabalato, kenako amakoka mpaka chikope chifike pamalo oyenera n'kumanga. Kwa khanda amagwiritsa ntchito kachingwe ka silikoni kapena ulusi wina wopangidwa. Kwa mwana wopitirira zaka 3 kapena 4 angathe kutenga kansalu kolimba ka m'ntchafu yake yomwe, kamene kamakhalitsa, koma mwendo wa khanda ndi waufupi moti sungapereke kokwanira. Makolo ayenera kudziwiratu kuti kachingwe koikidwa ali wakhanda kakhoza kumasuka pakapita zaka, opaleshoni n'kubwerezedwa.

Opaleshoniyo imangotsegula njira ya kuwala, siichiza ulesi. Pambuyo pake mwana amavala magalasi ngati akufunika, ndipo diso labwino limamatidwa kwa nthawi yoikika tsiku lililonse kuti ubongo ukakamizike kugwiritsa ntchito lofookalo. Kwa ana a zaka 3 mpaka 7 nthawiyo imakhala pakati pa maola 2 ndi 6 patsiku malinga ndi kukula kwa vuto. Kwa makanda dokotala amachepetsa ndipo amawaona pafupipafupi, chifukwa kumata kopitirira muyeso kungafooketse diso labwinolo. Apa ndi pamene chithandizo chimagwera nthawi zambiri. Chikope chikakwera, mwana akuoneka bwino, banja limaona ngati nkhani yatha, ulendo wa kuchipatala n'kusiyidwa.

Mwana wina wa msinkhu womwewo amene akupereka mamilimita 2 kapena 3, amene salira diso lililonse likaphimbidwa ndipo mutu wake uli chilili, angathe kudikira. Amayezedwa miyezi ingapo iliyonse, ndipo opaleshoni imachitika ali ndi zaka pakati pa 3 ndi 5, asanayambe sukulu. Pamsinkhu umenewo amatha kumvera malangizo, miyezo imakhala yodalirika, ndipo nkhope yakula. Kudikiraku kumathetsedwa ngati diso liyamba kutsalira pa kuona, kapena ngati mwana akukweza chibwano kwambiri moti akuvutika kuyenda, zimene zimachitika makamaka zikope zonse ziwiri zikagwa.

Chikope chikagwa mwadzidzidzi

Munthu amene chikope chake chinali bwino n'kugwa m'maola kapena masiku ochepa sali pa nkhani ya opaleshoni ya chikope. Chikopecho ndi chizindikiro cha vuto lina, ndipo choyamba n'kuchikweza ndi chala kuti muone diso lili kunsi kwake.

Ngati diso latembenukira kunja ndi pansi, munthu akuona zinthu ziwiriziwiri, ndiye kuti mtsempha wachitatu uja wafooka. Mwanadiso akakhala wamkulu kuposa mnzake, makamaka mutu ukupweteka, zikhoza kukhala kuti mtsempha wa magazi wa m'mutu wafufuma ndipo ukupsinja mtsempha wachitatuwo. Mtsempha wa magaziwo ukaphulika ukhoza kupha, choncho munthuyo apite kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Anthu a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi amathanso kufooka mtsempha womwewu chifukwa cha kuchepa kwa magazi oudyetsa. Kwa iwo mwanadiso nthawi zambiri sasintha ndipo amachira okha m'miyezi pafupifupi 3, koma kusiyanitsa ziwirizi ndi ntchito ya dokotala, osati ya pakhomo. Matenda oumitsa khosi, kuphatikizapo a chifuwa chachikulu chimene chafika ku ubongo, amagwetsanso chikope motere.

Ngati chikope chatsika pang'ono chabe, milimita 1 kapena 2, ndipo mwanadiso wa mbali imeneyo ndi wamng'ono, vuto lili m'njira ya mitsempha yopita ku kamnofu ka Müller. Njirayi ndi yaitali, imatsikira m'khosi mpaka pamwamba pa phapo n'kukweranso, motero choyambitsa chikhoza kukhala chotupa cha pansonga ya phapo kapena kung'ambika kwa mtsempha waukulu wa magazi wa m'khosi.

Chikope chimene chimadzuka bwino m'mawa n'kumatsika dzuwa likamapendeka, lero kumanja mawa kumanzere, chimaloza ku matenda a miyasiteniya, amene amasokoneza uthenga pakati pa mtsempha ndi mnofu. Poyesa, amaika madzi oundana okulunga m'kansalu pachikope chotseka kwa mphindi 2, ndipo chikakwera mamilimita 2 kapena kuposa, chikayikiro chimakula. Awa amachizidwa ndi mankhwala. Pomaliza, munthu wolumidwa ndi njoka monga mamba amene zikope zake zayamba kulemera akuonetsa kuti ululu wafika ku mitsempha, ndipo minofu yopumira ndi imene ikutsatira.

Chikope cha ukalamba

Akuluakulu ambiri chikope chimatsika mwakachetechete kwa zaka. Liveta amakhala ali ndi mphamvu zake zonse, koma kansalu kake kaja katamuka kapena kamatuka pamalo pake, monga zimachitira buleki ya njinga chingwe chikatamuka: dzanja likufinya mokwanira koma mphira sakufika pa limu. Ukalamba ndiwo umayambitsa kwambiri, koma kutikita maso kwa nthawi yaitali, kuvala timagalasi tomata padiso kwa zaka zambiri, ndi opaleshoni ya m'diso monga ya ng'ala zimafulumizitsa. Zizindikiro zake n'zotembenuka poyerekeza ndi za mwana: mphamvu ya liveta ndi yabwino, mzere wopindika wakwera m'mwamba, ndipo poyang'ana pansi chikope chimatsikiratu. N'chifukwa chake dandaulo loyamba limakhala la kuwerenga, kusoka kapena kupeta mpunga, osati la kuyenda panjira.

Tiyerekeze mayi wa zaka 67 amene anachotsedwa ng'ala kumanja chaka chapitacho. Akuti akawerenga Baibulo madzulo amachita kugwira chikope ndi chala, ndipo chipumi chimatopa mpaka mutu kuwawa. Kumanja muyezo ukupereka milimita 1, kumanzere mamilimita 3, ndipo liveta akuyenda 14 mbali zonse. Dokotala akakweza chikope cha kumanja ndi chala n'kudikira pang'ono, cha kumanzere chikutsika kufika pa 2. Zili choncho chifukwa ubongo umatumiza lamulo lofanana ku zikope zonse ziwiri. Pofuna kukweza chakugwacho umawonjezera mphamvu konsekonse, ndipo chinzakecho chimaoneka chabwino pamene nachonso chatamuka. Akakonza cha kumanja chokha, mayiyu adzadabwa kuona cha kumanzere chagwa, n'kumaganiza kuti opaleshoni yalakwika. Ayenera kuuzidwa izi pasadakhale, mwinanso kukonza zonse ziwiri.

Kuti adziwe ngati chikope chikutsekadi kuona, amayeza kutalika kwa malo amene munthu akuona kumwamba maso ali chilunjikire, koyamba chikope chili mmene chilili, kachiwiri atachikweza ndi tepi. Malire amene madokotala ambiri amatsata ndi awa: muyezo wa tochi wa mamilimita 2 kapena kucheperapo, kapena kutayika kwa madigiri 12, kapena magawo 24 pa 100 alionse, a kuona kwa kumwamba. Kuvutika powerenga ndi kukweza chibwano zimawerengedwanso. Munthu amene ali pa mamilimita 3, wopanda dandaulo, opaleshoni yake ndi ya maonekedwe, ndipo akhoza kukhala osachita popanda kutaya kanthu. Ziyeneranso kusiyanitsidwa ndi khungu lolendewera, pamene m'mphepete mwa chikope muli pamalo pake koma khungu la pamwamba lagwera patsogolo. Kumeneko amangochepetsa khungu.

Kwa mayi uja, dokotala amabaya mankhwala ochititsa dzanzi pachikope, amacheka motsata mzere wopindika kuti chipsera chidzabisike, amapeza kansalu kotamuka n'kukasokereranso pamalo pake. Wodwala amakhala maso dala. Ulusi usanamangidwe kotheratu amamudzutsa kuti akhale tsonga n'kutsegula maso, kuti aone kutalika ndi kupindika kwa chikope poyerekeza ndi chinzake. Pamene kugwako kuli kochepa, pafupifupi mamilimita 2, pali njira ina yodzera kunsi kwa chikope, yofupikitsa kamnofu ka Müller popanda bala la pakhungu. Amayamba ayesa ndi dontho la mankhwala a fenilefirini: chikope chikakwera bwino patapita mphindi zingapo, njirayi ikhoza kugwira. Chikope chimene chagwa pambuyo pa ngozi, opaleshoni ya ng'ala kapena kufooka kwa mtsempha chimapatsidwa kaye miyezi pafupifupi 6, popeza zambiri zimabwerera zokha. Amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga asipirini kapena wafarini, anene msanga, koma asasiye okha.

Zimene zimalakwika

Chofala kwambiri n'chakuti chikope sichinakwere mokwanira. Zimakhumudwitsa koma zimakonzeka. Choopsa ndi kukwera kopitirira, chifukwa chikope chili ndi ntchito ina, yophimba ndi kunyowetsa diso. Chikalephera kutseka, khungu loonekera la kutsogolo limauma, limachita chilonda, ndipo chilondacho chikalowa tizilombo chimasiya chipsera choyera chimene chimatseka kuona kuposa mmene chikope chinkachitira. Pachifukwachi dokotala amayesa asanacheke: amagwira zikope n'kuuza wodwala kuti atsinzine. Mwa anthu ambiri diso limathawira kumwamba, n'kubisala lokha. Amene diso lake silithawa, kapena amene ali ndi maso ouma kale, amakwezedwa pang'ono dala, mongokwanira kuti mwanadiso atseguke.

Mwana woikidwa kachingwe amagona diso lili tong'o pang'ono, makamaka m'masabata oyambirira, ndipo akayang'ana pansi chikopecho chimatsalira. Zimenezi zimayembekezeka. Makolo amapaka mafuta a m'maso opatsidwa kuchipatala usiku uliwonse, ndi masana omwe mwana akagona. Kutupa ndi kuda kwa khungu kumachepa m'sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo kutalika kwenikweni kwa chikope kumadziwika pakatha masabata angapo. Diso likafiira, kumatuluka misozi, mwana n'kumathawa kuwala, kapena pakaoneka kadontho koyera pa gawo lakuda, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo osadikira deti. Chimodzimodzinso bala la pachipumi likatupa n'kutuluka mafinya, chifukwa kachingwe kakhoza kugwidwa ndi tizilombo kapena kutulukira pakhungu, ndipo nthawi zina kamayenera kuchotsedwa kuti kadzaikidwe kena balalo litapola.